Kusinthana uadimini pa gulu la ophunzira akale: sabata, shifiti, kalasi kapena ntchito?

Gulu la WhatsApp limalola anthu mpaka 1,024, ndipo magulu ambiri a ophunzira akale a sekondale zathuzi akuyandikira pamenepo, koma ukafunsa kuti akuyang'anira ndani upeza ndi anthu awiri kapena atatu omwe aja analipo tsiku lotsegula gululo. Ndi iwowo amalowetsa anthu, kufufuta zolaula, kuleretsa a ndale, kulengeza maliro, kenako kutukwanidwa kuti akukondera. Akatopa sanena, amangosiya kutsegula gululo, nde mumazindikira tsiku lomwe wina waponya linki ya akuba n'kukhala pamenepo mpaka madzulo. Ngati mwagwirizana kale kuti muzisinthana, funso latsala ndi loti muzisinthana bwanji. Njira zimene zimagwira ntchito ndi zinayi, ndipo ndiziyesa zonse pa gulu limodzi longoyerekeza, la anthu 800 a zaka zosiyanasiyana, ena ku Malawi ena ku Joni ena ku UK, pomwe odzipereka kuthandiza alipo 12.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi mtengo. Pulogalamuyo ndi yaulere inde, koma munthu wa pa dyute amalipira ndi bandulo komanso nthawi yake, chifukwa kuti adziwe ngati vidiyo ndi yoyenera ayenera kuitsegula, pomwe enanu mumangoidutsa. Chachiwiri ndi kupezeka kwa anthu, osati amene anakweza dzanja tsiku la msonkhano, koma amene adzayankhadi foni Lachitatu usiku patapita miyezi inayi. Chachitatu ndi kusamalira ndandandayo, ndani aziilemba, kukumbutsa, kukonza wina akadwala. Chachinayi ndi zoopsa zake, pomwe njirayo imaduka.

Koma pali chinthu china chimene chimakhudza njira zonse, ndipo magulu ambiri sachiganizira mpaka zitavuta. Dyute ndi mphamvu za uadimini ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa WhatsApp palibe adimini wamng'ono, aliyense amene mwamupanga `Make group admin` atha kuchotsa membala, kusintha malamulo a gulu, kusintha linki, ngakhale kutsitsa adimini mnzake. Amene sangachotsedwe ndi anzake ndi yekhayo amene anatsegula gululo. Nde mukati onse 12 akhale maadimini chaka chonse, mafoni 12 ali ndi mphamvu yopasula gulu, ndipo foni imodzi ikabedwa kapena mwini wake akapusitsidwa n'kupereka manambala 6 aja obwera pa meseji, wakubayo ndi adimini wanu. Mukati muzikweza ndi kutsitsa pa kusinthana kulikonse, ngoziyo ichepa koma ntchito yawonjezereka, komanso anthu ena amamva kuwawa akaona kuti atsitsidwa ngakhale anadziwa kale. Ine ndimakonda zapakati, maadimini atatu okhazikika osankhidwa ndi komiti, amene sakhala pa dyute tsiku ndi tsiku koma amakweza ndi kutsitsa anzawo, ndipo ena onse amalandira mphamvu pa nthawi yawo yokha. Aliyense asanakwezedwe ayatse `Two-step verification`, izi zisakhale zokambirana.

Njira yoyamba: sabata ndi sabata, awiriawiri

Izi tonse tikuzidziwa kuchokera kusukulu komweko, mphunzitsi wa pa dyute ankagwira sabata yathunthu ndipo aliyense ankadziwa kuti sabata ino nkhani zikupita kwa ndani. Pa gulu muziika awiri, wotsogolera ndi wachiwiri. Pali makonzedwe awiri apa ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu. Mutha kugawa anthu 12 m'mapeyala 6, peyala iliyonse igwire sabata imodzi n'kupuma zisanu. Kapena mutha kuwalumikiza ngati unyolo, amene ali wachiwiri sabata ino ndi amene atsogolere sabata yamawa, ndipo wina watsopano alowe ngati wachiwiri wake. Munthu amagwira masabata awiri otsatizana n'kupuma khumi. Katundu wake ndi wofanana, pa chaka aliyense agwira masabata 8 kapena 9, koma unyolowu ndi wabwino kwambiri chifukwa Lolemba lililonse pamakhala munthu mmodzi amene anaona zonse za sabata yatha. Mikangano ya pagulu simatha Lamlungu usiku chifukwa ndandanda yasintha, amene anachenjezedwa Lachisanu amadzayambiranso Lachiwiri akuyesa kuti watsopanoyu sakudziwa kanthu.

Mtengo. Sabata ya dyute imadya bandulo kuposa masiku onse, makamaka gulu likakhala la mavidiyo ambiri. Magulu amene ali ndi kathumba kawo atha kumatumizira wotsogolera kabandulo ka sabata pa Mpamba kapena Airtel Money, ndi ndalama yochepa koma imathandiza kuti dyute isakhale ya anthu a ofesi okha amene ali ndi intaneti ya kuntchito. Pa nthawi, gwirizanani kuti wa pa dyute azisuzumira katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo cha m'ma 8, osati kukhala maso pafoni tsiku lonse, palibe angakwanitse zimenezo kwa masiku 7.

Kupezeka kwa anthu. Imafuna anthu osachepera 6 kuti munthu azipumako mwezi, pa 12 ndi yabwino zedi. Mukatsika pa 4 mwabwerera ku vuto lakale lija, kungoti tsopano lili ndi ndandanda.

Kusamalira. Apa ndi pomwe njirayi imaposa zinzake. Meseji yopachikidwa pamwamba pa gulu, ija ya `Pin`, imakhala maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, nde ya masiku 7 ikukwanira ndendende, Lolemba m'mawa mwapachika mayina awiri, ikamadzatha ndiye kuti nthawi yosinthana yakwana. Ndandanda ya chaka chonse itha kulembedwa kamodzi pa Google Sheets. Ikani mayina 12 kuyambira A2 mpaka A13, tsiku la Lolemba loyamba mu C2, kenako izi n'kukokera pansi:

```
C3: =C2+7
D2: =INDEX($A$2:$A$13, MOD(ROW()-2,12)+1)
E2: =INDEX($A$2:$A$13, MOD(ROW()-1,12)+1)
```

D ndi wotsogolera, E ndi wachiwiri, ndipo muona kuti dzina la mu E likutsikira mu D mzere wotsatira. Mukamaliza kopani D ndi E yonse n'kumata ndi `Paste special` kenako `Values only`, apo ayi tsiku limene mudzachotse dzina limodzi pa mndandanda uja masabata onse ngakhale akale adzasokonekera, simudzadziwanso kuti anagwira ndani. Ngati pakati panu palibe wokonda zimenezi musadzivute, pepala lolembedwa pamanja n'kulijambula limagwiranso ntchito, bola likhale pamalo amodzi odziwika.

Zoopsa. Masabata safanana. Wina agwera sabata ya phee, wina agwera sabata ya Khirisimasi kapena ya chisankho, ngati mmene zinalili chapakati pa Seputembala 2025 pomwe pafupifupi gulu lililonse la Amalawi linasanduka bwalo la ndale. Masabata oterewa amadziwika kale, nde alembeni padera n'kuikapo anthu atatu kapena anayi. Vuto lina ndi la manja osiyana, uyu amafufuta chilichonse, uyu amalekerera, mamembala amaphunzira msanga kuti sabata ya uje ndi yomasuka. Mankhwala ake ndi malamulo achidule olembedwa mu `Group description`, ndi masitepe amodzi kwa aliyense, chenjezo kumbali, chenjezo pagulu, kenako nkhani ipite kwa atatu okhazikika aja. Wa pa dyute afufute zoipa koma asachotse munthu yekha, pokhapokha ndi nambala yachilendo yoponya malinki akuba.

Njira yachiwiri: mashifiti a tsiku

Apa mumagawa tsiku, tinene 6 m'mawa mpaka 12, 12 mpaka 6 madzulo, 6 mpaka 11 usiku. Imamveka yadongosolo kwambiri ndipo anthu amene amagwira ntchito m'zipatala ndi m'mafakitale amaikonda chifukwa ndi zomwe anazolowera. Koma werengani, mashifiti atatu pa masiku 7 ndi malo 21 pa sabata, anthu 12 aja aliyense agwira pafupifupi kawiri sabata iliyonse, chaka chonse, osapumako sabata yathunthu ngakhale imodzi.

Mtengo. Shifiti imodzi ndi yopepuka, koma maganizo sachoka pagulu, ndipo kutopa kwamtunduwu sikuoneka msanga.

Kupezeka kwa anthu. Anthu amati a kunja azigwira usiku, koma onani mawotchi kaye. Joni, Lusaka ndi Harare ali pa nthawi imodzi ndi ife, palibe chimene mwapindula. UK ili m'mbuyo ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, miyezi inayo ola limodzi lokha, nde wa ku UK atha kugwira bwino madzulo mpaka cha m'ma 11 kapena 12 wa kuno, osati usiku wonse. Amene angakuthandizenidi pakati pa usiku ndi wa kum'mawa kwa America, amene ali m'mbuyo ndi maola 6 kapena 7. Ngati mulibe anthu oterowo oposa mmodzi, usiku ulibe mwini.

Kusamalira. Ndi yolemetsa kuposa zonse. Kusinthana katatu pa tsiku simungakweze ndi kutsitsa maadimini, nde onse 12 amakhala ndi mphamvu nthawi zonse, ngozi ija ndanena pamwambapa. Payenera kukhala munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kukumbutsa basi, ndipo iyeyo ndi amene amayamba kutopa.

Zoopsa. Nkhani imagwera pakati pa mashifiti. Mkangano wayamba 11:40, wa m'mawa akuti wamasana auona, wamasana magetsi azima foni yathima, pofika 6 koloko anthu atatu atuluka m'gulu. Ena amathetsa vuto la usiku potseka gulu, kuzimitsa `Send messages` kuti maadimini okha ndi amene alembe, zimathandiza ndithu koma muyenera kutseka ndi kutsegula pamanja, ndipo tsiku limene wotsegula wagonereza gulu limakhala chete mpaka 9 anthu akukwiya. Komanso ganizirani za uthenga wa maliro, umabwera nthawi iliyonse, nde mukamatseka lembani nambala ya adimini woti anthu amuimbire. Ine shifiti ndimaiona ngati chida cha masiku ochepa, sabata ya chisankho, sabata ya mkumano wa pachaka, masiku a maliro a mphunzitsi wodziwika, kenako mubwerere ku njira yanu ya nthawi zonse.

Njira yachitatu: kalasi ndi kalasi, mwezi uliwonse

Iyi ndi ya magulu a ophunzira akale yeniyeni, chifukwa tinagawanika kale mwa zaka zolembera mayeso a fomu 4. Mwezi uno ndi a 1998 ndi 1999, wamawa a 2000 ndi 2001, choncho, kalasi iliyonse isankhe yokha anthu awiri kapena atatu. Chimene ndimaikondera ndi choti imathetsa kudandaula kuja koti gulu ndi la akuluakulu, achinyamata timangoonerera. Imathandizanso pa chipata, chifukwa munthu akapempha kulowa akuti anamaliza 2004, amene angamudziwe ndi wa 2004 yemweyo, osati mkulu wa 1991.

Mtengo. Mwezi ndi wautali. Atatu atha kugawana masiku khumikhumi pakati pawo, koma nthawi zambiri zimathera pa mmodzi wachangu uja, enawo mayina chabe.

Kupezeka kwa anthu. Apa ndi pomwe pamakhota. Makalasi safanana, ina ili ndi anthu 90 pagulu ina 7, ndipo mwa 7 amenewo mwina amene amatsegula gulu ndi awiri. Phatikizani makalasi ang'onoang'ono kuti mutuluke ndi magawo 12 kapena 6 olingana pang'ono, 12 ndiye kuti kamodzi pa chaka, 6 kawiri. Komatu kamodzi pa chaka kali ndi vuto lake, munthu amaiwala malamulo ndi mabatani omwe, mwezi wake ukafika amayambiranso kuphunzira.

Kusamalira. Ndandanda yake ndi yosavuta, mizere 12, ndi `Pin` ya masiku 30. Ntchito ili pa kuthamangitsa makalasi kuti apereke mayina nthawi yabwino. Ikani lamulo loti mayina afike pa 20 mwezi usanayambe, akapanda kufika kalasiyo idumphidwe, ilowe yotsatira, popanda kukwiyirana.

Zoopsa. Ulemu wathu womwewu. Mnyamata wa 2012 kuti afufute meseji ya bwana wa 1989, amene mwina ndi amene amapereka zambiri pa chitukuko cha sukulu, kapena ndi amene akuyembekezera kuti amupezera ntchito, sizichitika, amangoyang'ana kumbali. Ndipo WhatsApp sibisa, adimini akafufuta pamalembedwa dzina lake kuti wafufuta ndi uje. Mbali inayo, kalasi imatetezana yokha, mnzawo wogona naye hositelo imodzi akalakwa amati tamusiyeni ndi mmene alili. Chothandiza ndi kuphatikiza kalasi yakale ndi yatsopano mwezi umodzi, wamkulu aleretse akuluakulu anzake, wamng'ono agwire zamabatani, ndiponso chenjezo lililonse lizilembedwa kuti likuchokera kwa maadimini onse osati kwa munthu. Vuto lina ndi loti anthu amene kalasi yasankha inu simuwadziwa, nde mwezi uliwonse mukupereka mphamvu zonse kwa alendo. Apa atatu okhazikika aja ndi ofunika kuposa pa njira ina iliyonse.

Njira yachinayi: kugawana mwa ntchito, kusinthana pa miyezi itatu

M'malo mogawa masiku mumagawa ntchito. Awiri pa chipata, kuyang'ana opempha kulowa kudzera pa `Approve new members` ndi kufunsa chaka, hositelo kapena dzina la mphunzitsi wa kalasi. Awiri pa zolengeza, maliro, maukwati, odwala, ntchito zimene zatuluka. Atatu kapena anayi pa mwambo, amene amafufuta ndi kuchenjeza. Mmodzi pa ndandanda ndi zolemba. Pakatha miyezi itatu mumazungulira, koma theka lokha la timu iliyonse kuti ena otsala aphunzitse obwera.

Mtengo. Wosafanana ngakhale pang'ono. Wa pa chipata atha kumaliza ntchito yake mphindi khumi pa tsiku, wa mwambo amagona ndi mutu. Mukapanda kuzungulira moona, anthu a mtima wautali amakhala pa mwambo mpaka kalekale chifukwa aliyense amati inuyo ndi amene mumatha.

Kupezeka kwa anthu. Ndi yosavuta kupezera anthu, chifukwa ambiri amene amakana uadimini amakana mikangano, ukawauza kuti mungolandira alendo kapena kulemba zolengeza amavomera. Enanso safunika n'komwe mphamvu za uadimini, wolemba ndandanda ndi wa zolengeza atha kugwira ali mamembala wamba ngati gulu silitsekedwa.

Kusamalira. Kochepa, kanayi pa chaka.

Zoopsa. Mawu aja oti si mbali yanga. Chithunzi cholaula chaponyedwa, wa pa chipata wachiona koma akudikira a mwambo, a mwambo onse ali kutchalitchi. Mpata wofufutira meseji ya wina kwa onse ndi wa masiku awiri okha kapena kupitirira pang'ono, koma zoona zake n'zoti pa gulu la anthu 800 pakatha mphindi 20 ambiri aona kale ndipo ena ajambula. Nde lembani mitundu itatu ya zinthu zimene adimini aliyense afufute pompo osafunsa, zolaula, malinki akuba, ndi zonamizira munthu mlandu pomutchula dzina. Chomalizachi musachipeputse, ku Malawi kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa intaneti, si bwino kuti gulu la sukulu yanu likhale pomwe zayambira.

Chinthu chimodzi chisalowe mu kasinthasintha ameneyu pa njira iliyonse, ndalama. Nambala yolandirira zopepesa ndi zopereka ikhale imodzi kapena ziwiri zodziwika, za msungichuma wosankhidwa pa msonkhano, zolembedwa mu `Group description`. Mukamasintha nambala sabata iliyonse mwatsegulira njira munthu amene adzalembe kuti sabata ino tumizani kwa ine, ndipo pa maliro anthu amatumiza mwachangu osafunsa.

Tsiku losinthana

Ndandanda zambiri zimafera pa kupatsirana, osati pa pepala. Tsegulani kagulu kapadera ka maadimini onse 12, kaya ali pa dyute kaya ayi, ndipo wotuluka asatsitsidwe asanalembe mizere isanu. Tiyerekeze njira yoyamba ija, Lamlungu 8 koloko madzulo wotsogolera alembe kuti opempha kulowa atsala atatu, awiri atsimikizidwa ndi a kalasi yawo mmodzi sanayankhe, amene achenjezedwa ndi awiri, uyu kamodzi kumbali pa nkhani ya ndale, uyu kachiwiri pagulu pa zotsatsa malonda tsiku losaloledwa, zopereka za maliro zitsekedwa Lachitatu, linki sinasinthidwe. Aikepo ndi zithunzi za mameseji amene anafufuta, chifukwa mukafufuta umboni wapita, ndipo mwini wake adzabwera kudzakana kuti sanalembe zimenezo. Lolemba m'mawa mmodzi wa okhazikika akweze wachiwiri watsopano, atsitse wotuluka ndi `Dismiss as admin`, apachike mayina. Zonsezi sizipitirira mphindi 15.

Wina akadwala kapena ali pamaliro, asinthane yekha ndi mnzake n'kulemba m'kagulu kaja, wosunga ndandanda angokonza, asamakhale iye wofunafuna munthu. Amene waphonya dyute kawiri osanena kanthu achotsedwe pa ndandanda mwaulemu, mpata upite kwa wina. Muzizindikira msanga ngati dongosolo likufa, zizindikiro zake ndi meseji yopachikidwa imene ili ndi mayina a masabata atatu apitawo, opempha kulowa amene adikira masiku anayi, ndi mamembala amene ayambiranso kulembera adimini wakale uja kumbali. Ndipo onetsetsani kuti pasakhale tsiku limene gulu latsala ndi adimini mmodzi, chifukwa iyeyo akatuluka WhatsApp imangosankha yokha membala wina aliyense kukhala adimini.

Kodi kusamukira kwina kungathandize?

Pang'ono. Telegram imalola anthu mpaka 200,000 ndipo mutha kupatsa munthu mphamvu yofufuta yokha popanda yochotsa anthu, Facebook nayo imasiyanitsa adimini ndi woyang'anira wamba, zimene zimachotsa vuto lalikulu lija la mphamvu. Koma anthu athu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp, ndipo mukasamuka akuluakulu ambiri satsatira, nde mutsala ndi magulu awiri oti muziyang'anira. Ngati mwadzaza 1,024, kuli bwino kutsegula `Community` mu WhatsApp momwemo, makalasi akhale ndi timagulu tawo, zolengeza zikhale pamodzi.

Nde musankhe iti

Ngati muli ndi anthu 6 mpaka 12 odalirika ndipo gulu ndi limodzi lalikulu la macheza, tengani ya sabata ya unyolo ija, ndi imene ine ndingayambire pa gulu la 800 lija, n'kuonjezera mashifiti pa masabata ovuta okha. Ngati vuto lanu lalikulu ndi kudandaula koti gulu lagwidwa ndi kalasi imodzi, kapena mwagawana kale timagulu mu `Community`, ya makalasi ndi yanu, koma phatikizani akale ndi atsopano ndipo musaiyambe popanda atatu okhazikika. Ngati gulu lanu ndi la bata, lokhala ndi komiti, malamulo ndi chitukuko cha sukulu, anthu ake otanganidwa amene sangalonjeze sabata yathunthu, gawanani mwa ntchito, kenako anthu a mwambo okhawo azisinthana sabata ndi sabata pakati pawo kuti asapse. Mashifiti a chaka chonse asiyireni magulu amene ali ndi anthu oposa 20 odzipereka komanso angapo ku America. Ndipo ngati odzipereka ndi atatu okha, musalembe ndandanda kaye, yatsani `Approve new members`, sinthani linki ndi `Reset link`, letsani mamembala kulowetsa anzawo okha, chepetsani ntchitoyo, kenako mupemphe kalasi iliyonse dzina limodzi, mukafika 6 muyambe ya sabata n'kudzaiunikanso pakatha miyezi itatu.